Lendi Ikalemera mu Januwale: Kalata Yopita kwa Eni Nyumba

Aliyense wochita bizinesi m'nyumba ya lendi amadziwa kuti miyezi ya pachaka siyenda mofanana. Disembala amakhala ndi ndalama: maukwati, Khirisimasi, alendo ochokera m'tauni ndi ku Joni. Ikangodutsa Nyuwere, pamsika pamazizira. Makolo amakhala atapereka fizi ya teremu yachiwiri, alimi ndalama zawo zonse zili m'munda pa feteleza ndi aganyu, ndipo chimanga chimakwera mtengo chifukwa nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. Munthu amene akusinkhasinkha za ufa wa mawa sasoketsa diresi, samangitsa tsitsi, sagula sofa. Ndalama imayambanso kuoneka m'manja mwa anthu misika ya fodya ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu ikatsegulidwa, nthawi zambiri cha mu Epulo, komanso soya, mtedza ndi chimanga zikayamba kugulitsidwa.

Koma lendi siyendera nyengo. Imene munalipira mu Disembala ndi yomweyo imene ikufunika mu Febuluwale. Apa ndi pamene ambiri amayamba kuzemba: foni ya alandilodi ikalira sayankha, akawaona akubwera amatulukira kuseri n'kusiya mwana pashopu. Ena amathamangira kwa wakatapila. Njira zonse ziwirizi zimathera pamodzi, pa loko wachilendo pachitseko ndi ubale wa zaka zambiri utaonongeka. Pali njira ina imene imafuna pepala limodzi, cholembera ndi kope lanu la malonda. Ndiyo kulembera eni nyumba kalata nthawi isanathe, yopempha chinthu chimodzi chodziwika bwino, chokhala ndi chiwerengero cha ndalama ndi tsiku lake.

Kuchotsera ndi kudikira n'zosiyana

Musanagwire cholembera, dziwani chimene mukupempha, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba ndi kuchotserako lendi. Apa mukupempha eni nyumba kuti kwa miyezi ingapo alandire ndalama yocheperapo, ndipo yotsalayo asadzaifunsenso. Ndalama imeneyo aitaya ndithu. Chachiwiri ndi kudikira. Apa lendi sikusintha. Mukungopempha kuti gawo lina mudzalipereke mtsogolo, malonda akayambanso kuyenda. Pakutha pa chaka eni nyumba amakhala atalandira ndalama yawo yonse.

Mikangano yambiri ya lendi imabadwira pamenepa. Wochita lendi amanena kuti, "Bambo, zinthu zavuta, mundiganizireko." Eni nyumba amayankha kuti, "Chabwino, perekani imene muli nayo." Wina amachoka akuganiza kuti amuchotsera, winayo amatsala akuganiza kuti wangodikira. Mu Juni, eni nyumba akabwera ndi chiwerengero cha ngongole, aliyense amalumbira kuti mnzake ndiye wasintha mawu. Kalata imachotsa chisokonezo chimenechi chifukwa imakukakamizani kusankha mawu amodzi: kuchotsera kapena kudikira.

Pempho la kudikira ndi losavuta kuvomera, ndipo ngati vuto lanu ndi la nyengo chabe, ndilo loyenera kuyamba nalo. Pempho lochotsera limafuna kuti inunso muike kanthu patebulo, monga tidzaonera kutsogoloku.

Yambani ndi kope, osati ndi kalata

Tiyerekeze mayi wina amene ndi telala pa Mponela ku Dowa, m'mbali mwa msewu wa M1, dera limene malonda amadalira kwambiri ndalama ya fodya ndi mbewu zina. Ali ndi makina awiri ndi mtsikana mmodzi womuthandiza. Shopu yake amalipira K120,000 pamwezi, pa 5 mwezi uliwonse, ndipo wakhalamo zaka zinayi. Ziwerengero izi n'zongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kamene aliyense angatsate.

Mayiyu atsegule kope lake la chaka chatha. Aone kuti kuyambira Meyi mpaka Disembala, akachotsa ndalama ya ulusi, mazipi, mabatani, mayunitsi a magetsi ndi malipiro a mtsikana uja, amatsala ndi pafupifupi K400,000 pamwezi. Mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi amatsala ndi K210,000 yokha. Pakhomo pake, kuti ana adye ndi kupita kusukulu, pamafunika K120,000 pamwezi ngakhale atadzimana chotani. Ndiye kuti m'miyezi yovutayo ndalama imene ingapite ku lendi ndi K90,000.

Apa pali msampha. Mtima umafuna kulonjeza K90,000 yonseyo, kapenanso K100,000, kuti eni nyumba asakhumudwe. Koma makina amaonongeka, mwana amadwala, maliro amagwa. Lonjezo lolembedwa likaphonyedwa kamodzi, kalata yachiwiri siwerengedwanso ndi mtima womwewo. Choncho mayiyu alonjeze K80,000, n'kusiya K10,000 ya zogwa mwadzidzidzi. Ndi bwino kulonjeza yochepa n'kuipereka pa tsiku lake, kusiyana n'kulonjeza yambiri n'kubwera ndi nkhani.

Tsopano chotsala chikuoneka: K40,000 pamwezi kwa miyezi itatu, yonse pamodzi K120,000. Funso lotsatira ndi lakuti adzaibweza liti. Asanene Epulo, chifukwa ngakhale msika wa fodya utatsegulidwa, ndalama imatenga masabata kuti ichoke kuokushoni, ilowe kubanki ya mlimi, kenako ifike kwa telala. Mu Epulo angolipira lendi yonse ya K120,000. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti aziwonjezera K30,000 pamwezi, kutanthauza kuti azipereka K150,000. Ayesenso ngati zimenezi zingatheke: pa K400,000 akachotsa K150,000 ya lendi ndi K120,000 ya pakhomo, akutsala ndi K130,000. Lonjezolo likukwanira bwino lomwe.

Kuwerengera kumeneku kumathandizanso kuona mtengo wa njira zina. Akanati atenge K40,000 kwa wakatapila wofuna theka la ndalamayo pamwamba mwezi uliwonse, pakutha pa mwezi umodzi akanafunika kubweza K60,000, mwezi umenenso malonda sakuyenda. Ngakhale ku banki m'khonde pali chiwongoladzanja, ndipo mu Januwale mamembala ambiri amakhala akufuna kubwereka nthawi imodzi. Eni nyumba akavomera kudikira, ndiye kuti mwapeza ngongole yotsika mtengo kuposa ina iliyonse. N'chifukwa chake pempholi liyenera kulembedwa mwaulemu ndi mosamala: mukupempha chinthu chamtengo wake.

Ganizirani amene akawerenge

Eni nyumba nawonso ali ndi Januwale wawo. Ambiri anamanga mashopu ndi ndalama ya penshoni kapena ngongole, ndipo lendi yanu ndiyo fizi ya mwana wawo, feteleza wa munda wawo, msonkho wa kukhonsolo. Amakumbukiranso kuti ndalama yochedwa imafika itachepa mphamvu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole kwa anthu nthawi imeneyo anaona kuti ndalama imene analandira mochedwa sinagule simenti kapena malata amene ikanagula poyamba. Mukapempha kudikira, dziwani kuti mukuwasenzetsa chiopsezo chimenechi, ndipo kalata yanu ionetse kuti mukuzindikira zimenezo.

Komabe eni nyumba ali ndi chifukwa chawochawo chomvera. Shopu ikakhala yopanda munthu mu Januwale, n'kovuta kupeza wina wolowamo msanga, chifukwa nyengo imene yakuvutani inu yavutanso amene akanalowa. Ikakhala yotseka miyezi iwiri, eni ake ataya K240,000, kuwonjezera penti ndi kukonza maloko, ndipo wolowa watsopanoyo sakumudziwa kalipiridwe kake. Munthu amene walipira zaka zinayi osaphonya ndi chuma kwa iwo. Mfundo imeneyi musaitchule moopseza. Ingokumbutsani mbiri yanu ya kalipiridwe, masamu otsalawo adzachita okha.

Nthawi yoperekera kalata

Kalata yabwino ikafika mochedwa imasanduka chodzikhululukira. Ikafika pa 20 Januwale, lendi itadutsa kale masabata awiri, eni nyumba amakhala atakwiya kale ndipo mwina atalonjeza kale ndalamayo kwina. Nthawi yabwino kwa telala wathuyu ndi kumayambiriro kwa Disembala, tsiku limene akupereka lendi ya mweziwo yathunthu. Pamenepo alibe ngongole, ndalama ili m'manja mwa eni nyumba, ndipo akuwapatsa mwezi wathunthu woti akonze za fizi ndi zina podziwa kuti mu Januwale adzalandira K80,000.

Amene mumalipira miyezi itatuitatu, monga zimakhalira m'nyumba ndi m'mashopu ambiri m'tauni, lembani kusanathe mwezi umodzi kuti nthawi yolipira ikwane. Kwa inu pempho lingakhale losavuta kwambiri: kuti pa miyezi itatu yovutayo muzilipira mwezi ndi mwezi m'malo mopereka yonse pakamodzi. Ndipo miyezi yovuta si Januwale kwa aliyense. Wogulitsa chakudya pafupi ndi koleji amavutika ophunzira akatsekera, wogulitsa simenti ndi njerwa amavutika m'dzinja ntchito zomanga zikaima, wamalonda wa ku Mangochi amamva kuwawa nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka. Kope lanu ndilo lidzakuuzani miyezi yanu.

Musanalembe, werenganinso agirimenti ngati munasainirana. Onani tsiku lolipira, chilango cha kuchedwa ngati chilipo, kutalika kwa notisi, ndi zimene inanena pa dipoziti. Onaninso amene ali ndi mphamvu yovomera. Mnyamata wotolera lendi kapena ejenti sangachotse lendi payekha. Kalata ipite m'dzina la mwini nyumba, kudzera kwa ejentiyo. Ngati nyumbayo ndi ya masiye ndipo ana angapo amagawana lendi, funsani amene banja linamuika kuti aziyang'anira, chifukwa chilolezo cha mmodzi yekha chimakanidwa ndi ena tsiku logawana ndalama.

Kalata yeniyeniyo

Ikhale ya tsamba limodzi. Ingalembedwe pamanja, bola zilembo ndi manambala ziziwerengeka. Keyala yanu ndi tsiku zikhale pamwamba, kenako dzina ndi keyala ya eni nyumba, monga kalata iliyonse yantchito. Ya telala wathu ingakhale motere:

Bambo Uje,

PEMPHO LOTI NDICHEDWETSE GAWO LA LENDI YA JANUWALE, FEBULUWALE NDI MALICHI

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana kunyumba. Ndine amene ndikuchita lendi m'shopu yanu yachiwiri kuchokera kumsewu, momwe ndakhala ndikusokeramo zovala kwa zaka zinayi. Lendi yanga ndi K120,000 pamwezi, ndipo pofika lero ndilibe ngongole iliyonse kwa inu.

Monga mukudziwa, kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu kuno sasoketsa zovala kwenikweni mpaka atayamba kugulitsa mbewu. Ndayang'ana kope langa la chaka chatha ndipo ndaona kuti m'miyezi imeneyi ndalama yolowa imatsika pafupifupi ndi theka. Ndasankha kukuuzani lero, nthawi ikadalipo, kusiyana n'kuti ndidzakukhumudwitseni tsiku lolipira litakwana.

Pempho langa ndi ili. Mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi mundilole ndizipereka K80,000 pa 5 mwezi uliwonse. Yotsala idzakhala K40,000 pamwezi, yonse pamodzi K120,000. Mu Epulo ndidzapereka lendi yonse ya K120,000. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndizidzapereka K150,000 pamwezi, kuti pofika pa 5 Ogasiti ngongole yonse ikhale itatha. Sindikupempha kuti muchotse lendi; ndalama yanu yonse ya pachaka mudzalandira.

Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi zofunika zanu m'miyezi imeneyi, ndipo ngati pali pena pamene mukufuna tisinthe, ndili wokonzeka kubwera kuti tikambirane. Ndingathokoze mutandiyankha pofika pa 20 Disembala. Mukavomera, chonde sainani m'munsimu pa makope onse awiri, limodzi likhale lanu, lina langa.

Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha mmene takhalira bwino zaka zonsezi.

Ine wanu,
Mayi Uje

M'munsi mwa dzina lanu siyani malo olembapo kuti "Ndavomera", siginecha ya eni nyumba, tsiku, ndi mboni imodzi.

Taonani mmene kalatayi yayendera. Ndime yoyamba ikukumbutsa mbiri, zaka zinayi popanda ngongole, chifukwa chimenecho ndicho chikole chokha chimene mayiyu ali nacho. Ndime yachiwiri ikufotokoza chifukwa m'ziganizo zitatu zokha, ndipo chifukwacho n'chimene eni nyumba angachione ndi maso awo pamsika. Ndime yachitatu ndiyo mtima wa kalata: muli ndalama, miyezi, tsiku, ndi tsiku lomaliza ngongole. Munthu atangowerenga ndime imeneyi yokha adziwa zonse. Chiganizo chakuti "sindikupempha kuti muchotse lendi" chikutseka khomo la mkangano wa mu Juni uja. Tsiku loyankhira likuthandiza mayiyu kuti, akakanidwa, akhale ndi masabata awiri ofunafuna njira ina.

Kumbukiraninso kuti kalata yotere ndi umboni. Ngati muli kale ndi ngongole ndipo mwailemba m'kalata, mwavomereza ndi dzanja lanu kuti ndalamayo ilipo. Zimenezo n'zoyenera, koma chiwerengerocho chikhale cholondola. Yang'anani malisiti ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musanalembe nambala iliyonse.

Mukafuna kuti achotseretu

Nthawi zina kudikira sikukwanira. Mwina ngakhale m'miyezi yabwino phindu silifika poti n'kulipira lendi ndi ngongole pamodzi. Apo mupemphe kuchotsera, koma mudziwe kuti mukupempha munthu kuti ataye K120,000, ndiye muonetse chimene apezepo. Ndime yachitatu ija ingasinthe motere: "Ndikupempha kuti lendi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi ikhale K80,000 pamwezi, ndipo yotsalayo musadzaiwerengere ngati ngongole. Kuyambira Epulo lendi idzabwerera pa K120,000. Inenso ndikulonjeza kusainira agirimenti yokhalamo chaka china chathunthu, ndipo mu Juni ndidzalipiriratu miyezi itatu pakamodzi."

Zimene mungapereke n'zosiyanasiyana. Chaka chotsimikizika chimachotsa nkhawa ya shopu yopanda munthu. Kulipiriratu m'nyengo yokolola kumapatsa eni nyumba ndalama yambiri pakamodzi imene angagulire malata kapena feteleza mitengo isanakwere. Wina amene ali kalipentala kapena wowotcherera zitsulo angapereke ntchito, monga kuika chitseko chachitsulo kapena kukonza khonde. Mukatero, gwirizanani mtengo wa ntchitoyo musanaiyambe ndipo ulembedwe, chifukwa chitseko chikakhala kale pamalo pake aliyense amachiyesa mtengo wake wake. Mungathenso kugawa pakati: pa K40,000 yotsala mwezi uliwonse, K20,000 achotse, K20,000 mudzabweze. Eni nyumba ambiri amene angakane kutaya yonse amavomera theka.

Chofunika n'chakuti kuchotserako kukhale ndi malire, mwezi woyambira ndi mwezi wothera. Pempho lopanda mathero limaopsa eni nyumba, chifukwa amadziwa kuti lendi ikatsika popanda tsiku lobwerera, kuikwezanso kumakhala nkhondo.

Zimene zimaononga kalata

Choyamba ndi kusatchula nambala. Kalata yodzaza ndi "mundimvere chisoni" ndi "ndidzapereka zinthu zikayenda" imasiya eni nyumba opanda choti avomere kapena kukana. Zinthu zidzayenda liti? Munthu sangakonze fizi ya mwana wake potengera mawu otere.

Chachiwiri ndi kulira mopitirira. Mukalemba masamba atatu ofotokoza ngongole zanu zonse, matenda ndi kuti bizinesi yatsala pang'ono kugwa, wowerenga samva chisoni chokha. Amayambanso kuganiza zopeza munthu wina ndalama yake isanamire. Nenani zoona, koma zoona zimene zikukhudza lendi. Bodza nalo limaululika msanga. Pamalo ngati Mponela eni nyumba amadutsa pashopu panu, ndipo akamva kuti mwagula njinga yamoto mwezi umene munati mulibe ndalama, chikhulupiriro chatha.

Chachitatu ndi kusakaniza pempho ndi madandaulo. Denga likhoza kukhala likudontha ndithu, chimbudzi chikhoza kukhala chodzadza, koma mukaziika m'kalata yopempha nthawi, zimamveka ngati mukufuna chifukwa chokanira kulipira. Zimenezo zilembereni kalata yakeyake tsiku lina. Chimodzimodzinso mawu akuti "mukakana ndituluka". Musawalembe pokhapokha mutapeza kale kolowera, chifukwa eni nyumba ena amangoyankha kuti tulukani.

Chachinayi ndi kudzichotsera nokha. Kutumiza kalata si kuvomerezedwa. Mpaka eni nyumba atavomera, mgwirizano wakale ukugwirabe ntchito, ndipo mukangotumiza K80,000 musanayankhidwe, muli ndi ngongole ya K40,000 ngati wina aliyense wochedwa kulipira. Mlandu suwola, ngongole ya lendi nayonso imadikira mwini wake ngakhale patapita miyezi.

Chachisanu ndi kumanga lonjezo pa ndalama ya munthu wina. "Ndidzabweza achimwene akagulitsa fodya" ndi lonjezo limene simungalilamulire. Fodya amabwezedwa kuokushoni, mitengo imagwa, achimwene amakhala ndi ngongole zawo. Lonjezani potengera ndalama imene bizinesi yanu yakhala ikupanga.

Kupereka kalata ndi kumva yankho

Kwathu kuno pepala lokha, lofika popanda nkhope ya munthu, limatha kuoneka ngati mwano kapena chiyambi cha mlandu, makamaka kwa achikulire. Choncho pitani nayo nokha. Perekani moni, khalani pansi, fotokozani pakamwa zimene mwabwerera, kenako nenani kuti, "Bambo, ndalembanso papepala kuti tonse tisadzaiwale." Mukatero kalatayo ikhala chikumbutso cha zimene mwakambirana. Ngati eni nyumba ali kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, ayimbireni kaye foni, kenako jambulani kalatayo n'kuitumiza pa WhatsApp, ndipo yankho lawo lolembedwa mulisunge.

Mvetserani bwino yankho. "Tiona" si kuvomera. "Musadandaule, ndife anthu amodzi" ndi mawu okoma, koma sakunena ngati achotsa kapena adikira. Funsani mwaulemu kuti, "Ndiye kuti pa 5 Januwale ndibweretse K80,000, yotsalayo ndiyambe mu Meyi monga ndalembera?" Akati inde, apempheni asaine. Ena sakonda kusaina, amaona ngati mukuwakayikira. Zikatero, mukafika kunyumba atumizireni uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, ndi manambala ake, n'kuwapempha kuti ayankhe. Kapena pakhale mboni imene nonse mumailemekeza, monga tcheyamani wa msika kapena mkulu wa mpingo.

Tsimikizaninso zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zimabweretsa mkangano. Choyamba, ngati lendi ingakwere pakati pa chaka, ngongole yanu ikhalebe K120,000 yomwe ija. Chachiwiri, mukamalipira pafoni, gwirizanani amene akulipira ndalama yochotsera, kuti K80,000 isafike ili yoperewera. Ndipo nthawi iliyonse mukapereka ndalama, lisiti lionetse mwezi umene mwalipira, ndalama imene mwapereka ndi imene yatsala.

Akakana

Eni nyumba ali ndi ufulu wokana, ndipo kukana koyamba nthawi zambiri kumakhala kukana chiwerengero, osati pempho lonse. Funsani chimene angakwanitse. Mwina Januwale sangalole chifukwa cha fizi, koma Febuluwale ndi Malichi angalole. Mwina angafune K100,000 m'malo mwa K80,000. Pamenepo bwererani ku kope lanu musanavomere, ndipo ngati sizikukwana nenani kuti sizikukwana. Mungapemphenso zinthu zimene siziwatayitsa ndalama: kusuntha tsiku lolipira kuchoka pa 5 kupita kumapeto kwa mwezi pamene ogwira ntchito alandira malipiro, kapena kulipira K30,000 sabata iliyonse m'malo mwa K120,000 pakamodzi. Ena amapeza mnzawo wogawana naye shopu ndi lendi, monga telala kulowetsa wogulitsa zitenje, koma zimenezi zimafuna chilolezo cha eni nyumba, chifukwa maagirimenti ambiri amaletsa kulowetsa munthu wina mwa inu nokha.

Zikafika poipa, eni nyumba n'kuyamba kuopseza kuti akhoma loko, azula chitseko kapena atenga makina, musalimbane nawo pakhomo. Nkhani za ngongole ya lendi ndi kutulutsa munthu zili ndi njira yake ya malamulo. Tengani agirimenti, malisiti ndi kope la kalata yanu, mupite kukafunsa uphungu ku ofesi ya Legal Aid Bureau kapena kubwalo la majisitireti lapafupi. Munthu amene analemba nthawi isanathe, napereka zimene analonjeza, amafika kumeneko ndi mapepala omuyankhulira.

Pomaliza, kope lija lingakuuzeninso chinthu chimene kalata singakonze. Ngati mukuona kuti lendi imakuvutani ngakhale mu Juni ndi Julayi, anthu ali ndi ndalama m'manja, vuto si nyengo. Shopuyo yakulira bizinesi yanu, ndipo kudikira kungokuunjikirani ngongole imene mudzalephera kubweza. Pamenepo kalata yoyenera ndi yopempha kuti lendi itsike mpaka kalekale, kapena ya notisi yotuluka mwamtendere, dipoziti yanu ndi mbiri yanu zikadali zabwino. Koma ngati kope likuonetsa miyezi itatu yoipa ndi isanu ndi inayi yabwino, lembani pempho lanu, lisungeni mpaka tambala yomaliza, ndipo nyengo yokolola ikafika muziika padera K10,000 mwezi uliwonse. Kuyambira Epulo mpaka Disembala imeneyo ndi K90,000, yokwanira kutseka gawo lalikulu la dzenje la chaka chotsatira musanapemphe aliyense.